Nditumize chiyani kumudzi: makina oyezera, foni, nsapato, kapena ndalama basi?

Mnzanga wina atandiuza kuti akupita kwathu ndipo wandisiyira malo a makilogalamu 5 m'chikwama chake, ndinadziwitsa abale anga kuti anene zomwe akusowa. Pofika mawa lake zopempha zinali zitakwana zisanu. Amayi amafuna makina oyezera kuthamanga kwa magazi, komanso ena oyezera shuga. Achimwene amafuna foni. Mchemwali wanga amafuna bulenda yogayira zipatso, ndipo mwana wake amafunika nsapato za kusukulu. Aliyense ananena zofanana, kuti kumeneko chinthucho sichipezeka, kapena chikapezeka n'chodula kwambiri. Sankanama ayi. Koma pa zisanuzo ndinatumiza zitatu zokha, ziwiri zinazo ndinatumiza ndalama. Ndifotokoza m'mene ndinazisiyanitsira, chifukwa njira yake imagwira ntchito ngakhale zopempha zanu zikhale zina.

Pa chinthu chilichonse ndimafunsa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti chikamadzafika m'manja mwa mwiniwake chidzakhala chitadya ndalama zingati. Lachiwiri, lomwe ambirife timaiwala, ndi lakuti pakatha miyezi 6 chidzakhala chikugwirabe ntchito popanda ine kutumizanso china? Katundu wambiri amene ndamuona atakwiririka fumbi pamwamba pa kabati anagwa pa funso lachiwirili, osati loyamba.

Mtengo wa m'sitolo si mtengo womaliza

Tiyambe ndi bulenda, chifukwa ndiyo imaonetsa bwino m'mene kutchipa kumanamizira.

Makampani onyamula maphukusi pa ndege sayeza kulemera kokha. Amayezanso malo amene katoni ikutenga, kenako amakulipiritsani pa nambala yomwe yakula pa ziwirizo. Ambiri mwa iwo amachulukitsa kutalika, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, n'kugawa ndi 5000. Ena amagawa ndi 6000, ndiye muzifunsa.

```
40 × 30 × 25 ÷ 5000 = 6
```

Iyi ndi katoni ya bulenda ya masentimita 40, 30 ndi 25. Pa sikelo ingalemere makilogalamu 3, koma mudzalipira ngati ndi makilogalamu 6, chifukwa theka la katoniyo ndi mpweya ndi zotchingira. Katoni ya makina oyezera kuthamanga kwa magazi ya masentimita 20, 15 ndi 10 imatuluka 0.6 pa masamu omwewo. Bulenda imodzi ikudya malo a makina khumi oterowo.

Kenako pamabwera msonkho. Mayiko ambiri sawerengera msonkho pa mtengo wogulira wokha, amaphatikizapo ndalama zonyamulira ndi inshuwalansi. Tingoyerekeza ndi manambala osavuta, osati a dziko lina lililonse. Mwagula chinthu pa 100, kunyamula kwadya 60, ndipo msonkho ndi 25 pa 100 iliyonse. Msonkhowo udzawerengedwa pa 160, n'kukhala 40, ndipo chinthu chanu chafika pa 200. Ngati kumudzi chimagulitsidwa pa 180, mwataya ndalama, mwatayanso masabata odikira. Komanso chikawonongeka, palibe sitolo yapafupi yomwe ingachilandire. Kulemba kuti ndi mphatso pa fomu ya kasitomu, ija amaitcha CN22 kapena CN23 ku positi, sikuchotsa msonkho pakokha. Dziko lililonse lili ndi malire ake a mphatso yosalipiritsa, ndipo zikapyola pamenepo wolipira amakhala m'bale wanu amene wapita kukatenga phukusi, mwina alibe n'komwe ndalama m'thumba tsiku limenelo.

Bulenda ili ndi vuto linanso loposa mtengo. Ku United States ndi ku Canada magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 120, ku Japan ndi 100, pomwe ku Ulaya ndi mayiko ochuluka a mu Africa ndi ku Asia ndi pakati pa 220 ndi 240. Chipangizo chopangidwira mavoti 120 mukachilumikiza ku 230 chimapsa, nthawi zina m'kanthawi kochepa chabe. Anthu amagula adaputa n'kuganiza kuti athana nazo, koma adaputa imangosintha maonekedwe a mano a pulagi, mphamvu ya magetsi siyikhudza. Chomwe chimatsitsa mphamvuyo ndi thiransifoma, ndipo thiransifoma yokwanira bulenda, ketulo kapena simbi imakhala yolemera, nthawi zambiri kuposa chipangizo chenichenicho. Njira yodziwira ndi kutembenuza chipangizocho n'kuwerenga kachizindikiro ka kunsi kapena ka pa chaja. Mukaona mawu awa, chimagwira ntchito kulikonse:

```
INPUT: 100-240V ~ 50/60Hz
```

Machaja a foni ndi a laputopu ambiri amalembedwa chonchi. Zinthu zotenthetsa ndi zokhala ndi mota sizikhala choncho kawirikawiri, pamalembedwa `120V` yokha kapena `220-240V` yokha. Ndiye kwa mchemwali wanga ndinatumiza ndalama kuti agule bulenda yomwe ikupezeka kumeneko. Inali yodulirapo, inde, koma pulagi yake ndi yolowa pakhoma lake, ndipo jagi yake ikasweka adzapeza ina. Lamulo lomweli ndimalitsata pa chilichonse cha kukhitchini chogwiritsa magetsi.

Makina awiri a amayi

Apa ndi pomwe ndinakhalitsa ndikuganiza, chifukwa makina awiriwa amaoneka ngati ofanana. Onse ndi aang'ono, opepuka, ndi okhudza moyo wa munthu. Koma ena ndi oyenera kutumiza mosakayika, pomwe ena akhoza kukhala mphatso ya miyezi iwiri yokha.

Makina oyezera kuthamanga kwa magazi sasowa chilichonse chapadera akafika. Ambiri amagwiritsa mabatire wamba 4 a mtundu wa AA kapena AAA, omwe amapezeka paliponse. Makinawo ukawagula kamodzi, amakhala zaka. Ndipo ichi ndi chinthu chomwe mtundu wake umafunikadi kukhala wodalirika, chifukwa makina osayesedwa bwino amapereka manambala ooneka ngati oona pomwe ndi olakwika, ndipo munthu sangazindikire ndi maso. Ngati muli kumalo komwe mungagule m'famase yodalirika, apa ndi pomwe kukhala kwanu kunja kumathandizadi.

Pali zinthu ziwiri zoti musaphonye. Sankhani omanga pamkono wam'mwamba, osati a pamfundo ya dzanja, chifukwa a pamfundo amalakwitsa msanga ngati dzanja silinaikidwe molingana ndi mtima. Chachiwiri ndi kukula kwa lamba. Lamba wamba amakwana mkono wa masentimita 22 mpaka 32 kuzungulira, wamkulu amayambira pa 32 mpaka 42, ndipo alipo ena okwana kuyambira 22 mpaka 42. Lamba akachepa, makina amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, ndipo munthu akhoza kuda nkhawa kapena kuwonjezeredwa mankhwala popanda chifukwa. Ndinaimbira mchemwali wanga kuti atenge tepi ya telala ayeze mkono wa amayi pakatikati pa phewa ndi chigongono. Anapeza masentimita 34. Ndikanangotola makina oyamba kuwaona pa shelefu, ndikanatumiza lamba wochepa. Ndinawauzanso amayi kuti tsiku lopita kuchipatala awatenge makinawo, ayezedwe ndi onse awiri, a kuchipatala ndi awo, kuti aone ngati manambala akuyandikana.

Makina oyezera shuga ndi nkhani ina. Makinawo pawokha ndi otchipa, koma sagwira ntchito popanda timapepala tija timadonthezerapo magazi, ndipo kapepala kalikonse kamagwira kamodzi kokha. Choipa kwambiri n'chakuti timapepala ta kampani ina sitilowa m'makina a kampani ina, ndipo ngakhale m'kampani imodzimodzi, mtundu uliwonse wa makina umakhala ndi take. Kabotolo kamodzi kamakhala ndi timapepala 50 nthawi zambiri. Munthu woyeza kamodzi patsiku amamaliza kabotoloko miyezi iwiri isanathe, ndipo pachaka amafunika timabotolo 8. Simungangotumiza mulu wa zaka zitatu, chifukwa timapepalati tili ndi tsiku lothera ntchito, timawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo ta makampani ena timafunika kutha m'miyezi 3 mpaka 6 kabotolo kakatsegulidwa. Ndiye mukatumiza makina amene timapepala take sitigulitsidwa kumudzi, mwadzimangirira kutumiza phukusi kangapo pachaka mpaka kalekale. Mwezi umene mudzalephere, makinawo adzangokhala m'dirowa.

Palinso nkhani ya muyeso. Mayiko ena amawerenga shuga mu `mmol/L`, ena mu `mg/dL`, ndipo makina ambiri amabwera atatsekeredwa ku muyeso umodzi, sasinthika. Kusiyana kwake ndi kuchulukitsa ndi 18: shuga wa 7 pa muyeso woyamba ndi 126 pa wachiwiri. Taganizani za mayi wachikulire amene adokotala anamuuza kuti shuga wake azikhala pafupi ndi 7, kenako makina ochokera kwa mwana wake akumuonetsa 126. Ena amachita mantha, ena amangosiya kuwakhulupirira makinawo.

Choncho ndinachita mosiyana ndi m'mene amayi anapemphera. Ndinauza mchemwali wanga kuti apite m'mafamase awiri kapena atatu apafupi, asafunse za makina, afunse kuti ndi timapepala ta mtundu wanji tomwe amakhala nato nthawi zonse. Atapeza yankho, ndinatumiza ndalama zogulira makina a mtundu umenewo komweko. Zikanakhala kuti timapepalato timapezeka koma makinawo ndiwo akusowa, ndikanagula kuno makina a nambala yomweyo ndendende, n'kuonetsetsa muyeso wake. Poyambira ndi pa chinthu chomwe chimatha, osati pa makina. Zimenezi zimakhudzanso pulinta ndi inki yake, sefa ya madzi ndi zosefera zake, makina othandiza kumva ndi timabatire take.

Ponena za mankhwala enieniwo, ine ndimawaika kumapeto penipeni, ngakhale ndikudziwa kuti ndiwo amapemphedwa kwambiri ndipo kukana kumapweteka mtima. Mayiko ambiri salola mankhwala kulowa pa positi popanda chilolezo kapena kalata ya dokotala, ndipo ena monga kodini ndi tiramado amayang'aniridwa ndi malamulo okhwima moti wonyamula akhoza kumangidwa nawo. Insulini imafunika kusungidwa pa madigiri 2 mpaka 8 isanatsegulidwe, ndipo phukusi loyenda masabata silingasunge kuzizira kumeneko. Maina nawonso amasokoneza. Mankhwala amene mayiko ambiri amawatcha paracetamol, ku United States pabotolo pamalembedwa acetaminophen. Ndi amodzimodzi, koma wosadziwa akhoza kumwa onse awiri pamodzi poganiza kuti ndi osiyana, ndipo kupyola muyeso wa mankhwala amenewa kumawononga chiwindi. Ngati mankhwala ena akusowadi kumudzi, funsani dzina lawo lenileni ndi mphamvu yake m'mamiligalamu, osati dzina la kampani. Nthawi zambiri mudzapeza kuti alipo, angokhala m'paketi ya dzina lina.

Foni ya achimwene

Foni ndiyo imapambana pa funso loyamba lija. Ndi yaing'ono, ndi yamtengo wapatali poyerekeza ndi kulemera kwake, ndipo chaja yake imalola magetsi a kulikonse. Koma ili ndi misampha inayi, ndipo uliwonse ukhoza kuisandutsa chinthu chongoyaka koma chosaimba.

Woyamba ndi loko wa netiweki. Foni yogulidwa pa ngongole ya pamwezi kapena pa mtengo wotsitsidwa ndi kampani ya mafoni nthawi zambiri imakana simu khadi ya kampani ina. Njira yotsimikizira ndi yosavuta: ikanimo simu khadi ya kampani ina muimbe. Kutsegulitsa kumakhala kophweka mukadali m'dziko lomwe inagulidwa, chifukwa kampaniyo imafuna mwini akaunti. Ikafika kumudzi, zimasanduka zoyendayenda kwa okonza mafoni.

Wachiwiri ndi loko wa akaunti, ndipo uwu ndi umene unandipweteka kale. Ndinagulapo foni yogwiritsidwapo ntchito kwa munthu wina, ndinaiona ikuyaka bwino, n'kutumiza. Itafika, mphwanga anaifufuta kuti ayambe mwatsopano, ndipo inayamba kufunsa imelo ndi pasiwedi ya mwiniwake wakale. Wogulitsa uja sanayankhenso mafoni anga. Mafoni a Android amachita izi ngati akaunti ya Google sinachotsedwe asanafufutidwe, ndipo iPhone imachita chimodzimodzi ngati `Find My` sinazimitsidwe. Chiyambire pamenepo ndimafufuta foni ndekha, wogulitsa ali pomwepo, n'kuiyatsanso mpaka ifike poonetsa tizithunzi ta mapulogalamu osafunsa dzina la munthu wina. Ndimaimbanso `*#06#` kuti ndione nambala ya IMEI, yomwe ndi nambala yozindikiritsa foni iliyonse payokha, n'kuifananiza ndi yolembedwa pa bokosi ndi pa lisiti.

Wachitatu ndi malo a simu khadi. Kuyambira pa iPhone 14, yomwe inatuluka mu 2022, ma iPhone ogulitsidwa ku United States alibe polowetsa simu khadi, amagwiritsa eSIM yokha, simu yomangidwira m'kati mwa foni yomwe kampani ya mafoni imatsegula popanda khadi. Ngati kampani yomwe m'bale wanu amagwiritsa sipereka eSIM, foniyo idzangogwira pa wayifayi. Komanso ngati ndi munthu wozolowera kuyenda ndi manambala awiri, onetsetsani kuti foniyo imalola zimenezo.

Wachinayi ndi uja wa miyezi 6. Foni imagwa, galasi limasweka, batire limatopa. Funsani achibale afunse wokonza mafoni wapafupi kuti ndi mitundu iti yomwe amakhala ndi magalasi ake. Foni yapamwamba ya mtundu wosadziwika kumeneko imatha tsiku lomwe yagwa koyamba, pomwe yapakatikati ya mtundu wofala imakonzedwa tsiku lomwelo. Achimwene anatchula foni ina yomwe anaiona pa intaneti. Ndinawauza kuti, "Achimwene, imeneyo ikasweka mudzaikonzetsa kuti? Tafunsani kaye kwa amene amakukonzerani." Atafunsa anabwera ndi mitundu iwiri, ndipo ndinagula umodzi mwa iwo, pamodzi ndi chikuto ndi galasi lotchinga.

Foni imabwera ndi nkhani ya mabatire a lifiyamu, ndipo apa malamulo a ndege ndi omwe amalamula, osati inu kapena wonyamula. Batire lomwe lili m'kati mwa chipangizo limaloledwa mosavuta. Batire lapadera ndi pawabanki siziloledwa m'chikwama chopita kunsi kwa ndege, zimayenera kukhala m'chikwama cha m'manja. Malire ake ndi 100 Wh, muyeso wa mphamvu yomwe batire limasunga. Pakati pa 100 ndi 160 pamafunika chilolezo cha kampani ya ndege, ndipo kupyola 160 wokwera ndege saloledwa kunyamula. Pawabanki zambiri zimalembedwa mAh, ndiye masamu ake ndi awa:

```
20000 mAh × 3.7 V ÷ 1000 = 74 Wh
```

Ya 20000 ikudutsa, koma ikafika cha ku 27000 yagunda malire. Ku positi ndi kokhwima kwambiri: batire losakhala m'chipangizo sililandiridwa pa maphukusi opita kunja, ndipo mapositi ena salandira n'komwe chilichonse chokhala ndi batire la lifiyamu. Chifukwa cha ichi, chinthu chimodzimodzi chikhoza kukhala choyenera kutumiza ngati pali munthu wopita, koma chosayenera ngati njira yanu ndi positi. Mafuta onunkhira ndi zopopera za m'zitini zili m'gulu lomwelo. Zimayaka moto, ndiye positi ya pa ndege imazikana, pomwe wapaulendo amaloledwa zochepa m'chikwama chake.

Nsapato, ndi chinthu chomwe palibe anapempha

Zovala wamba sindizitumiza. Zimadzaza chikwama msanga, ndipo ndi zochepa zomwe sizingapezeke kwina kulikonse. Nsapato zolimba ndi zosiyana pang'ono, chifukwa m'misika yambiri zokongola zilipo koma zokhalitsa ndizo zimasowa, ndipo kusiyana kwake kumaoneka pakatha miyezi itatu soli ikayamba kumatuka. Ngati mwana amatha mapeyala atatu pachaka, peyala imodzi yolimba imabweza ndalama zake.

Chovuta ndi saizi. Nambala 8 ya ku Britain ndi pafupifupi 9 ya amuna ku United States ndi 42 ya ku Ulaya, ndipo makampani nawonso amasiyana pang'ono. Musafunse kuti mwana amavala nambala yanji, chifukwa adzakuuzani nambala ya nsapato yomwe ikumuthina kale. Aimirire papepala madzulo, chidendene chitagunda khoma, wina alembe pomwe pathera chala chachitali, n'kuyeza m'masentimita mapazi onse awiri. Mutenge phazi lalikulu, muwonjezere sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono ya malo oyendera zala ndi kukula. Ngati katundu ayenda pa sitima ya pamadzi kwa miyezi ingapo, nsapato za mwana wamng'ono zikhoza kufika zitachepa kale. Bokosi la nsapato lisiyeni, ndi mpweya wokhawokha. M'kati mwa nsapatomo ikanimo tinthu tating'ono tomwe tikufunika kutetezedwa.

Nditaika makina a amayi, foni ndi nsapato, pa makilogalamu 5 aja panatsala malo oposa theka. Apa ndi pomwe munthu amayamba kudzaza maswiti ndi sopo kuti chikwama chisapite chopanda kanthu. Ine ndinaimbanso foni n'kufunsa funso lina: kodi panyumbapo pali chiyani chomwe chinafa chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi? Mayankho ake anandidabwitsa. Makina osokera a mchemwali wanga anali atakhala chaka chifukwa kachotengera bobini kanasweka. Laputopu ya mwana wa achimwene inali yabwinobwino, chaja yake ndiyo inapsa, ndipo ziwiri zomwe anagula pamsika zinafa m'masabata ochepa.

Kwa ine gulu ili, la masipeya ang'onoang'ono, ndilo lopambana onse, ndipo ndilo silipemphedwa chifukwa anthu amakhala atataya kale mtima pa chinthucho. Kachitsulo kolemera magalamu ochepa kamadzutsa makina omwe amabweretsa ndalama pakhomo. Sikafuna kutumiza kena mwezi wamawa, ndipo ndi kamene kamasowadi kumudzi, osati kungodula chabe. Koma pamafunika kulondola kwambiri. Musamve zofotokoza za pakamwa. Auzeni ajambule kachizindikiro kokhala ndi nambala ya mtundu wa makinawo, ajambulenso chowonongekacho pambali pa rula. Pa chaja ya laputopu muyang'ane zinthu zitatu pa chaja yakale kapena kunsi kwa laputopu: mavoti otuluka ayenera kufanana, mwachitsanzo `19.5V`, maampu akhale ofanana kapena okwererapo, osati otsika, ndipo kamutu kolowa m'laputopu kakhale kofanana kukula, chifukwa tilipo tambiri tooneka ngati tofanana koma tosiyana ndi kachigawo ka milimita. Chithunzi chikakhala chosaoneka bwino, apempheni ajambulenso.

Kupakira wonyamula

Popeza katunduyu amanyamulidwa ndi munthu, panali ulemu wina woyenera kuusunga. Chikwama cha wokwera ndege nthawi zambiri chimaloledwa makilogalamu 23, ndipo amene wakupatsani malo wachotsa zake kuti zanu zilowe. Ndinayeza zonse pa sikelo ndisanapite nazo kwa iye, zinakwana makilogalamu 3 ndi pang'ono. Sindinamate chilichonse. Ndinamutsegulira chimodzichimodzi kuti aone ndi maso ake, chifukwa pa bwalo la ndege amene adzafunsidwe za m'chikwamacho ndi iye, ndipo palibe munthu woyenera kunyamula phukusi lomata lomwe sakudziwa za m'kati mwake, ngakhale litachokera kwa mnzake wa pamtima. Ndinamupatsa malisiti onse m'envelopu, ndi ndalama zoti alipire ngati a kasitomu afuna msonkho pa foni, kuti zisatuluke m'thumba mwake. Foniyo ndinamupempha kuti aiike m'chikwama cha m'manja, itazimitsidwa.

Usiku woti anyamuka mawa lake ndinayesa chilichonse. Makina a amayi ndinaikamo mabatire, ndinadziyeza kawiri, n'kuchotsamo mabatirewo kuti asadzayake okha m'njira kapena kutulutsa madzi. Buku lake la malangizo linali lalitali, la zilembo zing'onozing'ono, ndiye ndinalemba pa kapepala ndi zilembo zikuluzikulu: akhale pansi mphindi 5 asanayeze, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli pa tebulo molingana ndi mtima, lamba ali pakhungu osati pamwamba pa malaya, ndipo asalankhule makina akamayeza. Kapepalako ndinakamata m'kati mwa chivindikiro cha kachikwama ka makinawo, pomwe amayi adzakaona nthawi iliyonse akatsegula.